Sopo, Ufa ndi Phala Lochapira: Kusankha Molingana ndi Madzi a ku Lukusuzi

M'midzi yozungulira nkhalango ya Lukusuzi, kumwera chakumadzulo kwa tauni ya Lundazi, madzi ochapira sachokera malo amodzi chaka chonse. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mabeseni amatcherwa pansi pa malata, madambo amadzaza ndipo timitsinje timayenda. Ikafika Ogasiti timitsinje tambiri timakhala titaphwa, ndipo banja lililonse limadalira mjigo kapena chitsime. Amayi ambiri amadziwa kuti m'gugu wa sopo umene umakwana masabata atatu m'dzinja sufika masabata awiri m'chilimwe, ngakhale zovala zili zomwezo ndipo wochapa ndi yemweyo. Mlandu umagwera fumbi la m'chilimwe kapena ogulitsa, amene amaganiziridwa kuti ayamba kubweretsa sopo wachabechabe. Fumbi lili ndi mbali yake, koma chimene chimasintha kwambiri ndi madzi. Pachifukwa ichi, funso loti sopo wabwino ndi uti silingayankhidwe munthu asanadziwe madzi amene sopoyo akukagwiramo ntchito.

Madzi olimba

Madzi a mvula amagwa opanda mchere wa m'nthaka. Akalowa pansi n'kukhala nthawi yaitali pakati pa miyala, amasungunula pang'onopang'ono michere iwiri imene imavutitsa ochapa, kashiamu ndi maginiziyamu. Kashiamu ndi amene amapezeka mu laimu ndi mu choko cha kusukulu. Madzi okhala ndi michere imeneyi yambiri amatchedwa olimba, ndipo okhala nayo yochepa amatchedwa ofewa. Ndi maso sangasiyanitsidwe, chifukwa madzi olimba amatha kukhala oyera mbee ndiponso abwinobwino kumwa.

Akatswiri amayeza kulimba kwa madzi powerenga mamiligiramu a laimu opezeka mu lita imodzi. Madzi osapitirira mamiligiramu 60 ndi ofewa, a pakati pa 61 ndi 120 ndi olimbirako, a pakati pa 121 ndi 180 ndi olimba, ndipo opitirira 180 ndi olimba kwambiri. Kulimbaku kumatengera miyala imene chitsime chadutsamo, choncho mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi imatha kusiyana. N'chifukwa chake zimene mnansi wa tsidya lina la dambo akuyamikira sizigwira ntchito nthawi zonse tsidya lino.

Pakhomo pali zizindikiro zodalirika. Ketulo kapena poto wowiritsira madzi amachita zokakamira zoyera mkati. Nyemba zimachedwa kupsa. Beseni losambiramo limatsala ndi mzere wotuwa m'mbali, pamene madzi analekezera. Wofuna kutsimikiza atenge mabotolo awiri ofanana, lina athiremo madzi a mvula kufika pakati, linalo madzi a pamjigo kufika pomwepo. M'botolo lililonse aparire timapalo tofanana ta sopo wa m'gugu, atseke n'kukhutchumula kakhumi. Madzi ofewa amachita thovu lokwera lomwe limakhalitsa, ndipo pansi pake madzi amaonekabe bwino. Madzi olimba amayera ngati mkaka, thovu limachepa n'kuphwa msanga, ndipo pamwamba pamayandama tizibuluma. Mayeso amenewa amafuna sopo weniweni wa m'gugu, chifukwa ufa wochapira umachita thovu m'madzi alionse ndipo sungaulule kanthu.

Chimene madzi olimba amachita ndi sopo wa m'gugu

Sopo weniweni amapangidwa pophika mafuta a zomera, kawirikawiri a kanjedza, kapena mafuta a ng'ombe, pamodzi ndi soda wa kositiki. Kachidutswa kalikonse ka sopo, kochepa koti maso sangaone, kali ndi mbali ziwiri. Mbali ina imagwira mafuta ndi litsiro, inayo imagwira madzi, ndipo umo ndi mmene litsiro limachokera pa nsalu n'kutsagana ndi madzi potsukuluza. M'gugu wobiriwira wa Sunlight, dzina limene linayamba ku England mu 1884, ndi wa mtundu umenewu. Chimodzimodzinso migugu yambiri yopangidwa mu Zambia ndi ina yochokera ku Malawi, monga U-Fresh wa kampani ya Candlex ya ku Blantyre.

Vuto ndi lakuti kashiamu amakonda kwambiri mbali ija yogwira madzi. Akakumana, kachidutswa kamodzi ka kashiamu kamamanga tizidutswa tiwiri ta sopo, ndipo chotulukapo ndi chinthu chonanda chosasungunuka m'madzi. Chimenechi ndicho tizibuluma ta m'botolo muja ndi mzere wa m'beseni uja. Sopo womangidwa choncho sachapanso. Sopo amayamba kugwira ntchito pokhapokha kashiamu yense wa m'madziwo atakhuta.

Kuluzaku kungawerengedwe. Giramu imodzi ya laimu wa m'madzi imadya pafupifupi magiramu 6 a sopo. Mwachitsanzo, pakhale mjigo umene madzi ake ali ndi mamiligiramu 200 pa lita. Chigubu cha malita 20 cha madzi amenewa chili ndi magiramu 4 a laimu, omwe angadye magiramu 24 a sopo litsiro lisanakhudzidwe n'komwe. Ngati pa tsiku lochapa banja limasungunulira sopo m'zigubu zitatu, magiramu oposa 70 apita pachabe, ndipo m'gugu wa magiramu 250 ungathe m'masiku ochapa osakwana anayi pongolimbana ndi madzi. Madzi a mvula sadya chilichonse mwa zimenezi.

Kutha kwa sopo ndi theka chabe la vutoli. Chonanda chija chimamatira mu ulusi wa nsalu n'kukola fumbi, moti malaya oyera a sukulu amayamba kutuwa, matawulo amauma gwa, ndipo zovala zosungidwa m'sutukesi zimamveka fungo la mafuta akale.

Komabe m'gugu suyenera kutayidwa chifukwa cha zimenezi. Zimene zawerengedwa pamwambazi ndi za sopo wosungunulidwa m'madzi ambiri. Wochapa akanyowetsa malaya n'kupaka sopo pa kolala penipeni, sopoyo amangolimbana ndi madzi ochepa amene ali mu nsalumo, mwina osafika kapu imodzi, ndipo amawagonjetsa mosavuta. Pamalo pamenepo sopo amakhala wochuluka kwambiri kuposa mmene ufa wosungunulidwa m'beseni ungakhalire. Choncho m'madzi olimba m'gugu ndi wabwino popaka ndi kufikisa pamalo akuda, monga kolala, m'khwapa ndi m'mawondo, koma ndi wowononga ndalama ponyika zovala.

Ufa wochapira

Ufa umene anthu ambiri amangoutchula kuti safu si sopo wogayidwa. Chochapa chake chachikulu chimapangidwa m'fakitale kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo chinakonzedwa dala kuti kashiamu asamachimange msanga. Ufa woterewu unayamba kufala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, makamaka kuchokera mu 1946 pamene Tide anatuluka ku America. Chochapachi nachonso chimafooka madzi akalimba kwambiri, n'chifukwa chake m'paketi mumakhalanso zofewetsa madzi. Chofala kwambiri ndi soda wochapira, amene amagwetsa kashiamu kukhala fumbi la choko. Ufa wina uli ndi fosifeti kapena ziyolaiti, zomwe zimagwira kashiamu kuti asasokoneze. Fosifeti amagwira bwino kwambiri ntchitoyi, koma akachuluka m'mitsinje ndi m'madamu amameretsa ndere, ndipo mayiko ambiri anamuchepetsa kapena kumuletsa.

Apa ndi pamene mitundu ya ufa imasiyanirana. M'masitolo a ku Lundazi ndi ku Chipata mumapezeka Boom ndi Aloha a kampani ya Trade Kings ya ku Lusaka, Omo, Surf ndi Sunlight a Unilever, Maq wochokera ku South Africa, ndiponso Ariel. Onsewa amachapa m'madzi olimba kuposa sopo wa m'gugu. Kusiyana kwawo kuli pa kuchuluka kwa chochapa ndi zofewetsa madzi poyerekeza ndi zongodzazira paketi, zomwe kawirikawiri zimakhala mchere wa salifeti umene suchapa. Ufa wokhala ndi zodzazira zambiri umatsika mtengo pa kilogiramu, koma umafuna masipuni ambiri pa beseni, ndipo kusiyanaku kumaonekera kwambiri madzi akakhala olimba.

Ufa wokwera mtengo, monga Omo ndi Ariel, nthawi zambiri umakhala ndi maenzaimu. Izi ndi zinthu zimene zimaphwanya zothimbirira zochokera ku zamoyo, monga magazi, mkaka, dzira, msuzi ndi thukuta, mofanana ndi mmene chakudya chimagayikira m'mimba. Maenzaimu amafuna nthawi. Zovala zikanyikidwa kwa theka la ola kapena kupitirira, m'madzi ozizira kapena ofunda, amagwira ntchito yake, koma madzi owira amawapha. Munthu wogula ufa wotere n'kumachapa nthawi yomweyo osanyika walipira chinthu chimene sanachigwiritse ntchito. Pa dothi la katondo la kumunda kwa chimanga, fodya kapena thonje, maenzaimu sathandiza kwenikweni. Pamenepo chofunika ndi kukuntha dothi likauma, kutsukuluza kaye m'madzi opanda sopo, kenako ufa wokwanira ndi mphamvu ya manja, ndipo ufa wotsika mtengo umakwanitsa.

Wogula ayang'anenso chithunzi cha papaketi. Ufa wochapira pamanja umakhala ndi chithunzi cha beseni kapena manja, pamene wa makina umakhala ndi chithunzi cha makina ndipo unapangidwa kuti usachite thovu lambiri. Wa makina umachapabe m'beseni, koma wochapa posaona thovu amangowonjezera mpaka paketi kutha.

Phala lochapira

Mu Zambia muli mtundu wachitatu umene uli pakati pa m'gugu ndi ufa. Phala la Boom, limene Trade Kings inayamba nalo pamene inakhazikitsidwa mu 1995, limapezeka mpaka m'tuntemba za kumidzi. Chochapa chake ndi cha mtundu wa mu ufa, choncho silichita zibuluma zonanda m'madzi a pamjigo, koma lingapakidwe pa nsalu penipeni monga mmene amachitira ndi m'gugu. Kwa banja lochapira pamanja ndi madzi olimba, zinthu ziwirizi pamodzi ndi zamtengo wapatali, ndipo kutchuka kwa phalali n'komveka.

Zofooka zake ziliponso. Mbali ina ya kulemera kwake ndi madzi, choncho magiramu 100 a phala sangafanizidwe mwachindunji ndi magiramu 100 a ufa. Likasiyidwa losatseka limauma n'kukhala chibuma chovuta kusungunula. Ndiponso popeza wochapa amalitapa ndi zala n'kulifikisa lisanasungunuke, khungu limakumana nalo lili ndi mphamvu zake zonse.

Thovu si muyeso

Kwa sopo wa m'gugu thovu limanena zoona, chifukwa limaoneka pokhapokha kashiamu atakhuta ndipo patsala sopo wochapa. Kwa ufa ndi phala sizili choncho. Opanga amadziwa kuti ochapa pamanja amakhulupirira thovu, motero amasankha zochapa zochita thovu lambiri, ndipo thovulo limatha kukhalapo ngakhale mphamvu yochapa itatha. Chizindikiro chodalirika ndi madziwo. Akakhala oterera pakati pa zala, mphamvu ikadalimo. Akasiya kuterera n'kuda, kuwonjezera zovala kumangosamutsa litsiro kuchoka pa chovala china kupita pa chinzake. Thovu lochuluka lili ndi mtengo wake wobisika, chifukwa limafuna madzi ambiri otsukuluzira, ndipo mu Okutobala chigubu chilichonse chowonjezera ndi ulendo wina wa kumjigo.

Kuyerekeza mitundu pakhomo

Opanga amasintha zosakaniza zawo nthawi ndi nthawi, choncho mndandanda wonena kuti uwu ndi woyamba, uwu wachiwiri, sukhalitsa. Chimene chimakhalitsa ndi njira yoyesera, ndipo banja kapena gulu la amayi lingaichite m'mawa umodzi.

Pafunika nsalu yakale yoyera ya thonje, yong'ambidwa m'zidutswa zofanana. Chidutswa chilichonse chipakidwe zinthu zitatu pamalo osiyana, dothi lonyowa la katondo, mafuta ophikira osakaniza ndi mwaye wa kupoto, ndi msuzi wa ndiwo, kenako zigone usiku kuti ziume. Madzi achokere pa mjigo umodzi, malita 2 pa mtundu uliwonse woyesedwa. Chinsinsi cha mayesowa n'chakuti mitundu isapatsidwe masipuni ofanana, koma ndalama zofanana. Ngati paketi ya magiramu 500 ya ufa wina ikugulidwa mtengo wowirikiza kawiri wa paketi ya magiramu 500 ya unzake, wokwera mtengowo uthiridwe sipuni imodzi pamene wotsikawo ukuthiridwa awiri. Zidutswa zinyikidwe theka la ola, munthu mmodzi azifikise kofanana, mwachitsanzo ka 20 chilichonse, azitsukuluze kawiri n'kuziyanika. Chiweruzo chiperekedwe nsalu zitauma, poyera, chifukwa nsalu yonyowa imabisa zothimbirira. Nsalu igwidwenso ndi manja, poti youma gwa ikusonyeza kuti mwatsalira choko kapena sopo wonanda. Mayeso omwewa akabwerezedwa ndi madzi a mvula, zotsatira zake zimatha kusintha, ndipo m'gugu umene unali kumapeto umakwera.

Tsiku lochapa pa mjigo wa madzi olimba

Banja la pa mjigo wa mamiligiramu 200 uja lingapulumutse zambiri posintha kachapidwe kokha. Choyamba ndi kuchepetsa madzi onyikira. Malita 10 ali ndi magiramu 2 a laimu m'malo mwa 4, choncho ufa womwewo umakhala ndi mdani wochepa ndiponso umakhala wokhathamira. Ufa, pafupifupi magiramu 30 mpaka 50 pa malita 10 kapena monga paketi yanenera, usungunulidwe wonse zovala zisanalowe, ndipo madziwo akhale kaye mphindi zingapo kuti zofewetsa zigwire kashiamu. Zoyera zimayamba, zamitundu zimatsatira, za kumunda zimatsiriza. M'gugu kapena phala lisungidwire malo akuda okha. Chovala chopakidwa m'gugu chifinyidwe kwambiri chisanalowe m'madzi otsukuluzira, chifukwa sopo wotsalira mu nsalu akakumana ndi madzi atsopano olimba, chonanda chija chimapangikira mu ulusi momwemo. Apa ndi pamene kutuwa kwambiri kumayambira.

Amene ali ndi m'gugu wokha angafewetse madzi asanayambe. Soda wochapira waufa amafunika wolemera pafupifupi mofanana ndi laimu wa m'madziwo, ndiye kuti kasipuni kamodzi ka tiyi pa chigubu cha malita 20 chija, pamene wamibulu yonga mchere amafunika kuwirikiza pafupifupi katatu. Magiramu 5 a soda akupulumutsa magiramu 24 a sopo. Soda ameneyu ndi wosiyana ndi wophikira therere, amene mphamvu yake ndi yochepa pa ntchitoyi, komanso ndi wosiyana kotheratu ndi wa kositiki, amene amawotcha khungu ndi kuchititsa khungu akalowa m'maso. Kumene soda wochapira sapezeka, chidulo chosefedwa bwino chimagwira ntchito yofanana, chifukwa phulusa lili ndi mchere wa mtundu womwewo. Mphamvu ya chidulo imasiyana malinga ndi phulusa, motero chithiridwe pang'onopang'ono mpaka madzi achite mbuu n'kuyamba kuterera pang'ono, kenako adikhe. Kuwiritsa madzi kumachotsanso mbali ina ya laimu, ija imakakamira m'ketulo, koma nkhuni zowiritsira malita 40 n'zambiri kuposa phindu lake.

Madzi a dzimbiri ndi a mchere

Si vuto lililonse la madzi a pamjigo limene ndi kulimba. Madzi ena amatuluka oyera, koma akakhala m'ndowa maola angapo amafiirira. Amenewa ali ndi chitsulo, chochokera m'miyala kapena m'mapaipi a mjigo amene achita dzimbiri, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi mijigo ya India Mark II ya mapaipi achitsulo ikaikidwa m'madzi odya chitsulo. Chitsulocho chimasiya mawanga achikasu pa zoyera, ndipo palibe ufa umene umachiletsa kotheratu. Jik amangowonjezera vutolo, chifukwa amasandutsa chitsulo chosungunuka kukhala dzimbiri pa nsalu pomwepo. Chothandiza ndi kutunga madzi dzulo lake, kuwakhuthula kangapo kuchoka m'ndowa ina kupita m'ina kuti alowe mpweya, kuwasiya agone, ndipo m'mawa kutsanula a pamwamba okha. Mawanga amene achitika kale amachoka ndi madzi a mandimu ndi mchere pang'ono, nsalu n'kuyanikidwa padzuwa. Mandimu kapena viniga zisakumane ndi Jik, chifukwa zimatulutsa mpweya woopsa.

Madzi omveka mchere wa m'ndiwo pakamwa, monga a malo ena a m'chigwa cha Luangwa, amalepheretsanso sopo wa m'gugu kusungunuka bwino. Soda ndi chidulo sizichotsa mchere umenewu. Pamenepo ufa kapena phala ndizo zoyenera.

Manja ndi nsalu zofuna chisamaliro

Khungu la munthu lili ndi mafuta ake oliteteza, ndipo chilichonse chochotsa mafuta pa nsalu chimawachotsanso m'manja. Ufa ndi phala, chifukwa cha soda amene alimo, zimalusa kuposa m'gugu wabwino. Khungu limayamba kuuma, kusuwa pakati pa zala ndi kung'aluka m'mbali mwa zikhadabo, makamaka mu Juni ndi Julayi kukamazizira. Kunyika kumateteza manja chifukwa kumafupikitsa nthawi yofikisa. Akamaliza, wochapa asambe m'manja ndi madzi oyera n'kudzola mafuta a vaselini. M'gugu nawonso ungaluse ngati unapangidwa mosasamala n'kutsalira kositiki. Woterowo umaluma pa kabala kakang'ono ndipo nthawi zina umatuluka fumbi loyera pamwamba. M'gugu watsopano wofewa umatha msanga, n'chifukwa chake kuudula zidutswa n'kuziumitsa pamthunzi kwa masabata angapo kumaukhalitsa.

Ufa wambiri uli ndi zowalitsa zimene zimachititsa zoyera kuoneka zowala padzuwa, ndipo wina uli ndi zoyeretsa zimene zimasukulutsa utoto. Chitenje chatsopano chimasunga mtundu wake chikachapidwa mofulumira m'madzi ozizira, osanyikidwa nthawi yaitali, n'kuyanikidwa chotembenuza pamthunzi. Matewera ndi zovala za khanda zimafuna kutsukuluzidwa kamodzi kowonjezera, chifukwa zotsalira za ufa zimayabwa pa khungu lanthete. Neti yoteteza ku udzudzu ili ndi mankhwala mu ulusi wake amene anapangidwa kuti apirire kuchapidwa pafupifupi ka 20. Imeneyi ichapidwe mwa apo ndi apo, modekha, ndi sopo wa m'gugu m'madzi ozizira, osati ndi Jik, ndipo iume pamthunzi. Madzi ake atayidwe kutali ndi chitsime ndi mtsinje, chifukwa mankhwala a mu neti amapha nsomba.